Funso loyamba lisadye nthawi ya anzake

"Achimwene, ndikulemba pepala la akaunti la maola atatu, malikisi 100. Funso loyamba ndi lokakamiza, la malikisi 40, kenako timasankha atatu mwa anayi, lililonse malikisi 20. Ulendo wathawu ndinakanirira pa funso loyamba chifukwa balansi shiti imakana kubalansa, funso lomaliza ndinangolemba mutu basi nthawi n'kutha. Ndigawe bwanji maminitsi?"

Achemwali, tiyambe ndi kasamu kakang'ono. Maola atatu ndi maminitsi 180, mukagawa ndi malikisi 100 mupeza kuti malikisi amodzi amadya maminitsi 1.8, ndipo ambiri amaphunzitsidwa nambala imeneyi. Koma ine sindiigwiritsa ntchito momwemo chifukwa imatenga ngati munthu uyamba kulemba belu likangolira n'kusiya cholembera pa sekondi yomaliza. Ine ndimachotsa kaye maminitsi 10 oyamba owerengera pepala lonse ndi kusankha mafunso atatu aja, ndi ena 10 akumapeto obwererako pomwe ndinasiya mipata. Otsala ndi 160, ndiye kuti maminitsi 1.6 pa malikisi amodzi. Funso la 40 litenga maminitsi 64, la 20 litenga 32. Ngati pepala lanu limapereka nthawi yapadera yowerengera musanayambe kulemba, ma 10 oyambawo muwaphatikize ku akumapeto, musawapatse funso loyamba ayi.

Koma mu holo muja mutu sumagwira bwino kuwerengetsa kuti "64 yakwana kapena ayi", ndiye musinthe maminitsiwo akhale nthawi ya pa wotchi ndipo mulembe pambali pa funso lililonse musanayambe. Tinene kuti mwayamba 9:00. Kulemba kuyambike 9:10, funso lalikulu lithe 10:14, lachiwiri 10:46, lachitatu 11:18, lachinayi 11:50, zotsalazo mpaka 12:00 ndi zokonzera. Mukadzutsa mutu n'kuona wotchi ikuti 10:14 palibenso zokambirana, siyani mizere ingapo yopanda kanthu, tsegulani tsamba latsopano.

Ndikudziwa apa ndi pomwe mtima umakana, nanga munthu wavutikira ola lathunthu ndiye mbali ziwiri zikusiyana usiye choncho? Eya musiye. Taonani mtengo wake, maminitsi 20 osakasaka cholakwika ndi nthawi yokwana malikisi 12 ndi theka pa funso lina, pomwe cholakwika chimene mukusakacho nthawi zambiri ndi kanambala kamodzi ka malikisi amodzi kapena awiri. Ochonga amapereka malikisi pa mzere uliwonse womwe mwaukhoza, osati pa totala yapansi yokha, ndipo ngati phindu munalakwitsa kumtunda koma mwalisamutsa bwino kupita ku kapitolo, kawirikawiri amatsata nambala yanuyo bola aone pomwe yachokera. Komanso malikisi oyambirira a funso latsopano ndi otsika mtengo kwambiri, kutsegula akaunti, kuika mabalansi oyambira, kulemba zinthu zosafuna kuwerengetsa, zimenezi mumatola mu maminitsi asanu.

Tsopano mkati mwa 64 muja namonso mugawe, chifukwa funso la mtunduwu nthawi zambiri limabwera ndi thirayo balansi ndi timanotsi m'munsi mwake tofuna kusintha manambala. Ine ndimapereka maminitsi 8 owerenga zomwe akufuna ndi kuika chizindikiro pa mzere uliwonse wa thirayo balansi womwe notsi ina yaukhudza. Kenako 20 a mawekingi, depuresiyeshoni, ndalama zolipiriratu ndi zosalipidwa, ngongole zokayikitsa, katundu wotsala kumapeto kwa chaka. Sitetimenti ya phindu 18, balansi shiti 14, anayi otsalawo ndi osakira cholakwika ngati chilipo. Mawekingi muwapatse manambala ndipo alembedwe mu buku loyankhiramo, osati pa pepala la mafunso kapena mu kakyuleta mokha, chifukwa chimene wochonga sanachione sangachipatse malikisi. Ndipo nambala iliyonse ya mu thirayo balansi mukaigwiritsa ntchito ichongeni kamodzi, notsi iliyonse ichongeni kawiri poti imalowa malo awiri, chizolowezi chimenechi chokha chimachepetsa kusabalansa kwambiri.

Maminitsi anayi aja muwagwiritse ntchito chonchi. Pezani kaye kusiyana kwa mbali ziwirizo, tinene ndi K340,000. Yang'anani ngati pali K340,000 penapake pa pepala la mafunso yomwe ilibe chochonga, ikapezeka ndiye kuti munaidumpha. Ikapanda kupezeka gawani pakati, K170,000, musakenso, mwina mupeza kuti ndi ndalama zomwe mwini bizinesi anatapa ndipo inu mwaziphatikiza ku kapitolo m'malo mochotsa, chinthu chikaikidwa mbali yolakwika kusiyana kumakhala kawiri kake. Chachitatu gawani kusiyanako ndi 9, ikagawika bwinobwino pali mwayi woti munatembenuza manambala pokopera, monga 763,000 kulemba 736,000, kusiyana kwake 27,000. Zitatuzi zikalephera basi, zolakwika zilipo mwina ziwiri kapena zitatu zophatikizana ndipo kuzimasula kumafuna nthawi yomwe mulibe. Lembani matotala momwe atulukira, osanamizira nambala kuti zifanane, pitani kutsogolo.

Mafunso a 20 aja nawonso ali ndi tizigawo. Likakhala ndi gawo la malikisi 12, lina 5, lina 3, ndiye maminitsi 19, 8 ndi 5. Anthu ambiri amathera onse 32 pa kuwerengetsa kwa gawo loyamba n'kusiya tija tofotokoza, monga kutchula zifukwa zitatu zomwe kashi buku imasiyanira ndi sitetimenti ya ku banki, chonsecho macheke osafika ku banki, ndalama zomwe banki yadula ndi zolowa mwachindunji mukhoza kuzilemba mu maminitsi atatu. Ngati kagawo kofotokoza sikakudalira yankho la kuwerengetsa, yambani nako.

Za kuti muyambe ndi funso liti, kwa inuyo ndinganene kuti yambani ndi limodzi la 20 lomwe mukulidziwa bwino, dzanja lizolowere, kenako lalikulu likhale lachiwiri mutu usanatope, 9:10 mpaka 9:42, lalikulu mpaka 10:46, enawo nthawi zake zikhala zomwe zija. Osaliika kumapeto chifukwa kuchedwa kulikonse kwa m'mbuyo kudzagwera pa funso la malikisi ambiri. Ndipo mukasankha atatu aja mwasankha, kusintha funso mutalembako maminitsi 10 ndi kutaya nthawi ya malikisi 6 opitirira.

Zikavuta ndithu n'kupezeka kuti funso lomaliza latsala ndi maminitsi 15, musayambe kuliwerenga ngati kuti muli ndi 32. Jambulani chimango cha akaunti kapena sitetimenti yomwe akufuna, ikani mitu, lowetsani manambala onse ongokopera, yankhani kofotokoza m'mizere yaifupi, zovuta kuwerengetsa zibwere pomaliza ngati nthawi ilipo.

Sabata ino tengani pepala lakale limodzi, foni izime, wotchi patebulo, mulembe maola atatu osadzuka ndipo pa funso lililonse mulembe nthawi yomwe mwayamba ndi yomwe mwasiya. Mukapeza kuti funso lalikulu likukudyerani maminitsi 85, onani kuti 21 owonjezerawo apita kuti. Akakhala pa mawekingi ndiye vuto ndi mutu womwe simunaugwire, ubwerezeni paokha mpaka depuresiyeshoni izituluka mu maminitsi asanu, koma akakhala pa kuganiza kuti chinthu chakuti chimakhala pati mu sitetimenti, lembani chimango chopanda manambala m'mawa uliwonse mpaka chizibwera mu maminitsi atatu.