Mawu atatu a mu lipoti la zachuma amene amasokoneza mamembala

"Zikomo achimwene. Ndine msungichuma wa kopaletivi yathu ya alimi, ndipo tili ndi chigayo. Lipoti la oditala lili ndi mawu akuti dipurishiyeshoni, akuruwozi ndi riteyinidi eningizi. Pa msonkhano wapachaka ndiwatchule bwanji m'Chichewa kuti mamembala amve?"

Zikomo mayi msungichuma. Musavutike kusaka liwu limodzi lolowa m'malo mwa liwu lililonse. Kachiganizo ka mawu anayi kapena asanu kakwanira, bola kasanamize womvera. Vuto la mawu atatuwa ndi limodzi: membala akamva nambala amaganiza kuti ndi ndalama zimene zalowa kapena kutuluka m'bokosi, pomwe palibe ngakhale imodzi mwa nambalazi imene ili choncho. Ndiye mawu aliwonse amene mwasankha muziwayesa ndi funso limene mudzafunsidwe ndithu: "Nanga ndalamazo zili kuti?"

Ndiyambe ndi dipurishiyeshoni, poti ndiye amavuta kwambiri. Ambiri amati "kutsika mtengo kwa katundu". Ine mawu amenewa sindiwakonda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makina akale ambiri anayamba kugulitsidwa pa mtengo woposa umene anagulidwira. Mukadzaima n'kunena kuti chigayo chatsika mtengo, wina adzakuuzani kuti dzulo lomweli waona chonga chomwecho chikugulitsidwa modula, ndipo sadzakhala akunama. Nkhani si mtengo wa pamsika ayi. Tinene kuti chigayo munachigula K12,000,000, mukuyembekeza kuti chigwira ntchito zaka 5, kenako mudzachigulitsa K2,000,000. Yotsala K10,000,000 ndiyo idzathere pa ntchito, ndipo mukaigawa pa zaka 5, chaka chilichonse chikusenza K2,000,000. Choncho nenani kuti "gawo la mtengo wa chigayo limene latha chaka chino", kapena pa pepala mwachidule, "kutha kwa katundu". Makasu amatha, matayala amatha. Aliyense amalidziwa liwu limeneli. Muwonjezere kuti ndalamayo inatuluka kale tsiku logula chigayo, chaka chino palibe amene wapatsidwa K2,000,000. Musanenenso kuti ndi "ndalama yosungira chigayo chatsopano", pokhapokha ngati mwaiikadi padera kubanki, chifukwa kulemba nambalayi m'buku sikusunga ngakhale tambala.

Akuruwozi savuta kwenikweni. Tinene kuti chaka chanu chimatha pa 31 Disembala, chigayo chagwiritsa magetsi a K350,000 m'mweziwo, koma bilu mudzalipira mu Januwale. Magetsiwo ndi a chaka chimene anagaya chimanga, ndiye alembedwe m'chaka chomwecho. Ndingati "zimene tagwiritsa kale koma sitinalipire". Mbali inayo, monga sukulu imene mwaigayira ufa koma sinakupatseni ndalama, ndi "zimene tagwirira kale ntchito koma sitinalandire". Kungoti "ngongole" si kulakwa, koma liwulo limadzutsa phokoso la "anakongola ndani, tinavomereza liti, chiwongoladzanja ndi chingati?" Chenjeraninso mu Januwale: polipira biluyo musailembenso ngati ndalama yogwiritsa ntchito m'chaka chatsopano, mungaiwerengere kawiri.

Tsopano tiphatikize. Chigayo chapanga K9,000,000, ndipo mwalipira K5,000,000 pa malipiro, zokonzetsa ndi zina. Membala wowerengera pamtima anena kuti phindu ndi K4,000,000. Koma mukachotsa magetsi aja ndi kutha kwa chigayo, phindu lenileni ndi K1,650,000. Msonkhano ukagwirizana kugawana K650,000, yotsala K1,000,000 ndiyo riteyinidi eningizi ya chaka chino, ndipo imawonjezedwa pa ya zaka za m'mbuyo. Ngati malamulo anu amafuna kuti gawo lina lipite ku thumba lapadera losakhudzidwa, limenelo lilembedwe pa mzere wakewake.

Apa ndi pamene asungichuma osalakwa amatchulidwa akuba. Mukati "phindu losungidwa", anthu amva kuti lili phee kubanki. Akaona kuti buku likuti K4,000,000 ya zaka zonse koma kubanki kuli K900,000, mavuto ayamba. Ine ndimakonda "phindu losagawidwa", chifukwa likunena chimene chinachitikadi: silinagawidwe, basi, silikulonjeza kuti lili pati. Mukatero musonyeze kumene linapita: mwina K1,800,000 ili m'matumba a chimanga amene ali m'nyumba yosungiramo katundu, K1,300,000 ili kwa mamembala amene anatenga feteleza pa ngongole, ndipo K900,000 ndiyo ili kubanki.

Msonkhano usanafike, werengerani mamembala awiri kapena atatu amene sali m'komiti mawu amenewa, kenako muwapemphe akufotokozereni m'mawu awo. Wina akayankha kuti "ndiye kuti chigayo chatidyera mamiliyoni awiri, munapatsa ndani?", kachiganizoko kakonzedwenso. Mawu amene mwagwirizana muwalembe kutsogolo kwa buku la ndalama pambali pa a Chingerezi, kuti oditala ndi msungichuma wodzalowa m'malo mwanu adzagwiritse omwewo.