Kodi pa fomu ya penshoni ndilembe ndani?

"Ndayamba ntchito kumene ndipo andipatsa fomu ya penshoni ndi inshuwalansi. Pali malo olembedwa kuti beneficiary. Zikutanthauza chiyani? Ndili ndi mkazi ndi ana awiri aang'ono, koma ena akuti ndilembe achimwene anga aakulu poti ndiwo mutu wa banja kwathu."

Achimwene, malo amenewo akufuna dzina la munthu amene adzalandire ndalama zanu inu mukadzamwalira. Basi. Sakufunsa woti adzamuimbire foni mukadwala kuntchito, kapena wodzayendetsa mwambo wa maliro. Zimenezo ndi za malo ena olembedwa kuti next of kin, ndipo pamenepo akulu anuwo mutha kuwalemba popanda vuto. Ambiri amasokoneza ziwirizi, ndipo ovutika mapeto ake ndi ana.

Mudziwe kaye kuti ndalama zake ndi ziti. Ku Malawi kuno lamulo la penshoni limati inu muzidulidwa 5 peresenti ya malipiro anu mwezi uliwonse, abwana n'kuwonjezerapo 10 peresenti, pang'ono penipeni. Limatinso abwana akulipirireni inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro anu a chaka chimodzi. Tiyerekeze kuti mumalandira K400,000 pamwezi. Inshuwalansiyo ndi K4,800,000. Ngati pa nthawi yomwalira penshoni yanu idzakhale itafika K7,200,000, zonse pamodzi ndi K12,000,000. Kodi zimenezi zipite m'manja mwa ndani?

Langizo langa ndi lakuti lembani anthu amene akudya thukuta lanu lero, amene mphika wawo ungazime inu mutachoka. Kwa inu ndi akazi anu, ana anu awiriwo, ndi mayi anu ngati mumawathandiza kumudzi. Fomu imalola mayina angapo, aliyense ndi gawo lake, bola magawowo akwane 100 peresenti ndendende. Mwachitsanzo, akazi anu 40, mwana aliyense 25, mayi 10. Pa K12,000,000 ija akazi anu adzalandira K4,800,000, mwana aliyense K3,000,000, mayi K1,200,000. Magawowa mukonze nokha monga mukudziwira banja lanu, koma dzina la mwana aliyense liwonekere palokha.

Za achimwene anuwo ndinene mosabisa. Mukawalemba 100 peresenti n'cholinga choti adzasamalire ana, pa pepala ndalamazo ndi zawo. Mawu amene munagwirizana pakhonde palibe amene adzawaone pa fomu. Angakhale munthu wabwino kwambiri, koma nawonso ali ndi banja lawo, ngongole zawo, ndipo akhoza kumwalira ndalamazo zili mu akaunti yawo n'kusakanikirana ndi chuma chawo. Apo ana anu adzayambira pati?

Mwina mukuopa kuti ana ndi aang'ono, sangagwire ndalama. Musade nkhawa. Mwana wosakwana zaka 18 sapatsidwa ndalama m'manja. Matrasiti, anthu amene amayang'anira thumba la penshoni, amamusungira gawo lake, n'kumatulutsako za fizi ndi zofunika zina kudzera mwa kholo kapena womulera, zotsala n'kudzamupatsa akakula. Ndiye kumulemba mwana ndiko kumuteteza.

Mukasiya malowo osalemba, matrasiti ndi amene adzafufuze kuti ankadalira inu ndani, n'kugawa monga aonera. Zimenezi zimatenga nthawi, makamaka achibale akayamba kukangana, pamene lendi ndi fizi sizidikira. Musadalirenso wilo, chifukwa ndalama za penshoni sizigawidwa pamodzi ndi nyumba, munda ndi katundu wina wamasiye. Zimatsata fomuyi. Ndipo ngati pali mwana wina amene munabereka kwina, mulembeni. Ndi mwana wanu ndithu, ndipo kumubisa kumangochedwetsa malipiro a onse nkhani ikadzaululika pamaliro.

Polemba, dzina lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika kapena chikalata cha kubadwa, chilembo ndi chilembo. Mukalemba dzina limene mumawaitanira kunyumba pamene chiphaso chikunena lina, akazi anu adzayenda ulendo wautali kukatsimikizira kuti ndi iwo. Ikaniponso tsiku lobadwa, ubale wanu ndi nambala ya foni, musaine, mutengeko kope n'kuuza akazi anu pamene mwaisunga komanso kampani imene ikusunga penshoniyo.

Fomuyi si yolemba kamodzi n'kuiwala. Mwana akabadwa, wina mwa olembedwawo akamwalira, banja likatha kapena mukakwatiranso, pitani ku ofesi yoona za antchito mukapemphe ina, chifukwa kusintha kwa ukwati kungachititse kuti yakale ija isagwirenso ntchito. Mufunsenso ngati penshoni ndi inshuwalansi zili ndi fomu imodzi kapena ziwiri. Ngati ndi ziwiri, mudzaze zonse tsiku lomwelo.