Mtengo ungatsike kufika pati buloka asanakutsekereni malonda?

Funso: Ndimagwira ntchito kuno ku Joni, ndipo ndaika R5,000 mu akaunti ya pafoni ya malonda a CFD, amene munthu amapindula kapena kuluza pa kusintha kwa mtengo wa masheya popanda kukhala nawo enieni. Buloka akupereka levareji ya 1:10. Ndikufuna kugula masheya 200 a pa JSE, msika wa masheya wa kuno, pa mtengo wa R200 imodzi. Mnzanga akuti buloka akhoza kundigulitsira masheyawo ine osafuna. Kodi mtengo uyenera kutsika kufika pati kuti zimenezi zichitike? Wowerenga wa ku Rosettenville.

Yankho: Achimwene, mnzanuyo akunena zoona, ndipo mtengo umenewo mukhoza kuuwerengera papepala musanadine batani logulira. Chikusowa mu funso lanu ndi nambala imodzi yokha, ya malire amene buloka amatsekera malonda anu, imene mabuloka amailemba kuti Stop Out m'mapepala a mgwirizano. Ambiri amaiika pa 50 peresenti, ena amatsika nayo. Ife tiwerengera ndi 50, koma inu mukayang'ane yanu lero lomwe.

Katundu amene mukufuna kunyamulayo ndi wa R40,000. Levareji ya 1:10 ikutanthauza kuti buloka agwira gawo limodzi mwa magawo khumi ngati chikole, yomwe ndi R4,000. Pafoni chikolecho chimalembedwa kuti Margin. Koma phindu ndi kuluza siziwerengedwa pa chikole ayi, ziwerengedwa pa masheya 200 onse. Mtengo ukatsika ndi R1, mu akaunti mwanu mwachoka R200. Ndalama imene yatsala mukachotsa zomwe mukuluza pa nthawiyo ndi imene imalembedwa kuti Equity, ndipo makina a buloka amaiyerekeza ndi chikole nthawi zonse msika ukuyenda:

```
Margin Level = Equity / Margin x 100
```

Mukangogula kumene, muli ndi R5,000 pa chikole cha R4,000, ndiye kuti Margin Level ili pa 125 peresenti. Ikafika pa 50, ndiye kuti mwatsala ndi theka la chikole, R2,000, ndipo makina agulitsa okha osakufunsani. Chotsani R2,000 pa R5,000 yanu: ndalama imene mwaloledwa kuluza ndi R3,000. Igaweni kwa masheya 200, mupeza R15 pa sheya imodzi. Mtengo wotsekera ndi R185. Kumeneku ndi kutsika kwa 7.5 peresenti basi.

Anthu ambiri amagawa R5,000 ndi 200, napeza R25, n'kumaganiza kuti ali bwino mpaka R175. Iwo amaiwala kuti buloka sadikira kuti ndalama yanu ithe yonse. Amatseka ikadalipo, chifukwa ikapitirira pamenepo woluza akhala iyeyo. Chenjezo lake, lotchedwa Margin Call, limabwera msanga kuposa apo. Kwa mabuloka amene amaliika pa 100 peresenti, lidzakupezani ndalama yanu ikafanana ndi chikole, mutaluza R1,000, mtengo uli pa R195. Sheya kutsika ndi 2.5 peresenti pa JSE ndi nkhani ya tsiku limodzi lopanda chodabwitsa chilichonse. Mabuloka ena amawerengeranso chikole pa mtengo watsopano, ndipo pamenepo malire anu angakhale pafupi ndi R184.20. Kusiyana kwake n'kochepa, tengani R185.

Tsono apa ndi pamene tikufuna mukhalepo pang'ono. Chimene chikusendeza malire amenewa si 1:10 imene buloka walemba, koma kuchuluka kwa masheya amene mwanyamula poyerekeza ndi ndalama yanu. Yesani masheya 100 pa R5,000 yomweyo. Chikole chikhala R2,000, theka lake R1,000, ndiye mwaloledwa kuluza R4,000. Gawani ndi 100, mupeza R40 pa sheya. Malire atsika kufika R160, kutsika kwa 20 peresenti. Mwachepetsa katundu ndi theka, koma mpata wanu wakula kuchoka pa R15 kufika pa R40, chifukwa chikole chachepa komanso masheya otsika nawo achepa. Mukapita mbali inayo n'kufuna masheya 250, chikole chidya R5,000 yonse, mpata ukhala R10 yokha, ndipo chenjezo lidzalira mtengo ukangogwedezeka. M'maganizo athu, pa ndalama imene muli nayoyi masheya 200 ndi ochuluka, 100 ndiye pothera.

R185 ija sikhala malo amodzi. Pa CFD, buloka amakulipiritsani chiwongoladzanja usiku uliwonse umene mwagona ndi malondawo, ndipo amachiwerengera pa R40,000 yonse, osati pa chikole chanu. Tingoyerekeza kuti ndi 10 peresenti pachaka: imeneyo ndi R4,000 pachaka, pafupifupi R11 patsiku, R330 pa masiku 30. Pakutha pa mwezi, ndalama yololedwa kuluza yatsika kufika R2,670, mpata ndi R13.35, ndipo malire akwera kufika R186.65 mtengo usanasunthe n'komwe. Kumbukiraninso kuti mumagula pa mtengo wa Ask koma akamatseka amagulitsa pa Bid, umene umakhala wotsikirapo, choncho mzere woti muziuyang'ana ndi wa Bid.

China chimagwetsa anthu ambiri kumathero a mwezi. Pafoni padzaoneka Free Margin, ndalama yotsala pamwamba pa chikole, ya R1,000, ndipo kumudzi kukabwera uthenga wa fizi kapena feteleza, mtima udzati imeneyo ndi yongokhala. Mukatapapo R800, mwatsala ndi R4,200, mwaloledwa kuluza R2,200 yokha, ndipo malire afika pa R189. Ndalama yooneka ngati yongokhalayo ndi mbali ya mpata wanu. Ya lendi ndi yotumiza kumudzi isalowe mu akaunti imeneyi kuyambira pachiyambi.

Masamu onsewa amagwira ntchito ngati mtengo ukutsika pang'onopang'ono, kudutsa pa R185 penipenipo. Msika wa masheya wa JSE umatseka 5 koloko madzulo n'kutsegula 9 koloko m'mawa, ndipo nkhani yoipa ya kampani ikatuluka usiku, mtengo umadumpha. Mukagona uli pa R190 n'kudzuka uli pa R170, makina agulitsa pa R170. Mwaluza R30 kuchulukitsa ndi 200, yomwe ndi R6,000. R5,000 yanu yapita, ndipo mwatsala ndi ngongole ya R1,000. Zimenezi si zongopeka: pa 6 Disembala 2017 masheya a Steinhoff anataya mtengo woposa theka tsiku limodzi, nkhani ya kusokonekera kwa mabuku ake a ndalama itamveka. Ngakhale Stop Loss, imene mumaika nokha kuti makina agulitse mtengo ukafika pamene mwasankha, sitchinga kudumpha kotere, imangogulitsa pa mtengo woyamba umene wapezeka. Mufunseni buloka, ndipo akuyankheni molemba, ngati akaunti ikapitirira pa ziro ngongoleyo amaifafaniza kapena amakulonjererani. Onaninso dzina lake pa mndandanda wa FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma muno mu South Africa, ngati ali ndi chilolezo chochita malonda amenewa.

Komabe Stop Loss muiike, ndipo ikhale pamwamba kwambiri pa malire a buloka. Yambani ndi ndalama imene mungapirire kuitaya. Ngati ndi R500, ndipo mwaona kuti mtengo ukafika R190 ndiye kuti munaganiza molakwa, mpata ndi R10 pa sheya, ndipo R500 kugawa ndi R10 ikupatsani masheya 50. Chikole chake ndi R1,000, makina angatseke mutatsala ndi R500, ndipo malire a buloka ali kutali pa R110.