Maikolofoni yatsopano ili zii: yankho kwa mbale wa ku Rosettenville

"Achimwene, ndimayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, kuno ku Joni. Tagula maikolofoni ya kondensa ya kwaya koma ili zii, pomwe ya dayinamiki ikugwira bwino pa waya yemweyo. Kodi atigulitsa yakufa? Nanga kabatani ka 48V sikangawotche zinazo?"

Achimwene, musaibweze kusitolo. Ndikuganiza kuti ili bwinobwino, yangosowa magetsi.

Ya dayinamiki, monga SM58 ya abusa, imadzipangira yokha magetsi. M'kati mwake muli kanembanemba komatidwa ku kawaya kokulungakulunga, ndipo kawayako kali pakati pa maginito. Mawu akagunda, kawaya kamanjenjemera n'kutulutsa magetsi pang'ono, ngati dayinamo ya panjinga.

Kondensa ilibe maginito. Ili ndi kanembanemba kopyapyala kwambiri kotsala pang'ono kukhudza kachitsulo kumbuyo kwake. Ziwirizi zimafunika kudzazidwa magetsi kaye, kuti mpata wapakati ukamasintha ndi mawu, magetsiwo azisinthanso. Zotulukapo n'zofooka moti sizingayende pa waya wautali, choncho muli kachipangizo kozilimbitsa, nakonso kodya magetsi. Kupepuka kwa kanembanembako ndiye phindu lake: imatola kwaya yonse ili patali, mpaka timawu tosalala ta soprano. Koma imatolanso mateksi a pamsewu ndi mawu obwerera kuchokera kumakoma, ndipo ikayandikira sipika imalira msanga. N'chifukwa chake wolalikira ine ndimamusiyira dayinamiki.

Magetsi a kabatani ka 48V aja amatchedwa fantomu, ndipo anabwera kuti pasakhale kabokosi ka magetsi ka maikolofoni iliyonse. Kampani ya Neumann ya ku Jeremani inayambitsa a mavoliti 48 mu 1966. Mikisa imawatumiza pa waya wa XLR yemweyo wa mawu, wa pulagi ya miyendo itatu: mavoliti 48 pa mwendo 2, 48 pa mwendo 3, n'kubwerera pa mwendo 1. Kawaya ka dayinamiki kali pakati pa 2 ndi 3 basi. Poti mbali zonse n'zofanana, palibe choyenda m'menemo, ndiye sikamva kanthu. Dzina loti fantomu limatanthauza mzukwa: alipo, koma saoneka kwa wosawafuna.

Chitani chonchi. Tsitsani voliyumu, lumikizani maikolofoni, kenako dinani 48V, mudikire masekondi angapo musanakweze. Mukalumikiza atayaka kale, sipika imati phwaa, ndipo ingawonongeke. Maikolofoni ikakhalabe zii, yezani kumapeto kwa waya ndi mita: 1 ndi 2 pafupifupi 48, 1 ndi 3 chimodzimodzi, 2 ndi 3 ziro. Mwendo 1 ukaduka, dayinamiki imagwirabe koma kondensa ayi.

Chimene ndimaopa ndi mawaya olumikiza molakwika, pomwe mwendo 3 wagundana ndi 1. Apo mavoliti safanananso, ndipo magetsi amadutsa m'kawaya ka dayinamiki. Mikisa zing'onozing'ono zambiri zimayatsa 48V pamabowo onse a XLR nthawi imodzi, choncho kiyibodi kapena laputopu musailowetse pamenepo mwachindunji. Ipite pabowo la jaki.