Kugula gemu pa Steam mtengo ukatsika

"Ndili ku Nkhotakota, ndipo ndikufuna The Witcher 3 pa Steam. Kodi ndingogula ndikaona kuti atsitsa mtengo, kapena ndidikire? Nanga nditenge gemu yokhayo kapena phukusi lonse?"

Achimwene, musapupulume, chifukwa gemu imeneyi inatuluka mu 2015 ndipo mtengo wake umatsika kangapo pachaka. Steam imatsitsa mitengo kwambiri kumapeto kwa Juni mpaka kumayambiriro kwa Julaye, komanso chakumapeto kwa Disembala mpaka chaka chatsopano chitalowa. Mukaphonya ulendo uno, wina ukubwera. Iikeni pa Wishlist kuti azikutumizirani uthenga mtengo ukatsika, kenako mutsegule tsamba la pa intaneti la SteamDB, pamene amasonyeza mtengo wotsikitsitsa umene gemuyo inafikapo. Ngati lero achotsa theka lokha pomwe kale anachotsapo 80 peresenti, dikirani.

Pa nkhani ya phukusi, ine ndingatenge Complete Edition mosakayika. Ndaionapo kangapo ili pa madola pafupifupi 10 kuchoka pa 50, pamene gemu yokhayo inali pa madola pafupifupi 8, ndipo madola awiri owonjezerawo amakubweretserani Hearts of Stone ndi Blood and Wine, zigawo ziwiri zazitali zimene mukadzazigula pazokha zidzakudyerani ndalama zambiri kuposa pamenepo. Koma si phukusi lililonse lili chonchi. Lina limakhala ndi magemu asanu pomwe inu mukufunamo imodzi, ndiye muyerekeze mtengo wa phukusilo ndi wa imodziyo basi, enawo muwaone ngati mulibemo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwa ife kuno kunyanja ndi intaneti. Gemu imeneyi imafuna malo okwana magigabaiti 50 kapena kuposerapo, choncho musanalipire, onani kuti bandulo ya Airtel kapena TNM yokwanira kukopera zonsezo ndi ndalama zingati, muphatikize ndi madola aja mutawasintha m'makwacha. Nthawi zina bandulo imadula kuposa gemuyo.

Komanso Steam imabweza ndalama ngati pasanathe masiku 14 chigulireni ndipo simunasewere maola opitirira awiri. Masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku logula, osati tsiku limene mwamaliza kukopera. Ineyo zinandionekera ndili ku Salima: ndinagula gemu ina yaikulu ndilibe bandulo, ndinkakopera pang'onopang'ono usiku magetsi akumazimazima, ndipo pamene ndinkaitsegula n'kuona kuti ikudukaduka pa laputopu yanga, sabata ziwiri zinali zitadutsa kale. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndalamazo ndinazisonkhanitsa movutikira.

Choncho werengani kaye System Requirements pansi pa tsamba la gemuyo, muyerekeze ndi khadi la zithunzi komanso RAM ya kompyuta yanu. Zikagwirizana, gulani pamene bandulo ili kale m'manja, ndipo mukamaliza kukopera, ola loyamba losewera mufike pamalo a mu gemumo pamene pali anthu ndi nyumba zambiri, pakuti m'pamene kompyuta yofooka imaonekera.