Chizindikiro chobisika m'mawu olembedwa ndi makina

"Akuti pulogalamu ya pakompyuta yolemba nkhani imasiya chizindikiro m'zolemba zake. Nanga bwanji mnzanga wa ku Kawale atalembanso mwakemwake sichinapezeke?"

Achimwene, chizindikirocho si chidindo ayi, chili m'kasankhidwe ka mawu. Njira imene akatswiri a ku yunivesite ya Maryland ku America anafalitsa mu 2023 imatere: pulogalamu isanalembe liwu, imatenga liwu lam'mbuyo ndi kiyi wachinsinsi n'kugawa mawu onse m'magulu awiri ofanana, otchedwa obiriwira ndi ofiira, kenako imakondera obiriwirawo pang'ono chabe. Wowerenga sangazindikire kanthu.

Wofufuza, kiyi ali m'manja, amangowerengera. Tinene kuti pali mawu 200. Munthu wolemba yekha amagwera pa obiriwira pafupifupi 100, mwangozi basi. Akapezeka 150, imeneyo singozinso.

Tsono mnzanuyo posintha liwu limodzi anawononga pawiri: liwulo, komanso kagawidwe ka lotsatira, poti kamadalira lam'mbuyo. Akasintha ochuluka, 150 uja amatsikira ku 110, pomwe n'zosatheka kuloza munthu chala. Komatu asadzitame msanga. Zidutswa zimene sanazikhudze zimasungabe chizindikiro, ndipo nkhani ikakhala ya masamba angapo, zotsalirazo zimaunjikana mpaka kumuulula.