Kuyeza msinkhu wa munthu pa chithunzi pogwiritsa ntchito chitseko

"Felemu ya chitseko ndi yotalika masentimita 200. Ndingadziwe bwanji msinkhu wa munthu amene waima pakhomopo?"

Achimwene, yezani felemu ndi munthuyo pa chithunzicho. Felemu ikakhala mamilimita 100, munthu 86, ndiye 86 ÷ 100 × 200 = masentimita 172. Koma nenani kuti ali pakati pa 167 ndi 177, chifukwa nsapato, tsitsi ndi kuwerama zimasokoneza.

Chimene ndaona chikunamiza kwambiri ndi mtunda. Ngati kamera ili mamita 5 kuchokera pakhomo, munthu n'kuyandikira kamera ndi theka la mita, amatuluka ngati wa masentimita 191, pomwe ndi wa 172. Choncho onani mapazi ake kaye, akhale pamzere wa khomo. Ngati ndi za mlandu, pitani kwa katswiri woyeza zithunzi.